Mmene mungatsimikizire kuti wogulitsa katundu ndi weniweni musanapereke dipoziti

Anthu ambiri amene anaberedwapo ndalama ya dipoziti anali ataona mapepala. Wogulitsa anawatumizira chithunzi cha satifiketi pa foni, iwo anaona chidindo ndi chizindikiro cha boma, mtima unakhala pansi, ndipo ndalama inapita. Vuto ndi lakuti pepala lotere likhoza kukhala lenileni koma la kampani ina imene sikudziwa n'komwe kuti dzina lake likugwiritsidwa ntchito, likhoza kukhala lakuti linatha mphamvu kalekale, kapena likhoza kukhala lolondola m'zonse koma akaunti imene mwapatsidwa n'kukhala ya munthu wina amene satchulidwa paliponse. Ntchito yanu, choncho, si kuona ngati mapepala alipo ayi. Ntchito yanu ndi kulondola dzina limodzi kuchokera pa satifiketi yolembetsa, kudutsa pa mapepala a msonkho ndi malaisensi, mpaka kukafika pa akaunti yolandira ndalama, n'kuona kuti dzinalo silinaduke paliponse.

Kuti malangizowa amveke bwino, tiyerekeze kuti kalabu ya ulimi wothirira ya ku Salima ikufuna kugula pampu ya sola, mapanelo ake ndi mapaipi. Msungichuma wa kalabuyo wapeza wogulitsa amene akuti ali ndi shopu ku Lilongwe, ndipo wapatsidwa koteshoni ya K8,000,000. Wogulitsayo akufuna dipoziti ya 60 peresenti, yomwe ndi K4,800,000, ndipo akuti katundu adzafika pakatha masabata atatu. Ziwerengerozi ndi zongoyerekeza, koma njira yake ndi yomweyo ngakhale mukugula malata, feteleza kapena mipando ya sukulu.

## Zoyenera kukhala nazo musanayambe

Pemphani wogulitsa kuti akutumizireni zinthu izi nthawi imodzi, ndipo pempholo likhale lolemba kuti mudzathe kusonyeza zimene munapempha ndi zimene munalandira:

- satifiketi yolembetsa kampani kapena bizinesi;
- satifiketi ya nambala ya msonkho ya TPIN yochokera ku MRA, pamodzi ndi kalata yotsimikiza kuti nkhani zake za msonkho zili m'chimake, imene pamutu pake pamalembedwa kuti Tax Clearance Certificate;
- laisensi ya khonsolo ya malo amene akuchitirapo malonda;
- laisensi ya bungwe loyang'anira katundu amene akugulitsayo, lomwe pa nkhani ya sola ndi MERA;
- koteshoni yolembedwa pa pepala la kampani, yokhala ndi dzina ndi nambala ya akaunti ya kubanki;
- dzina lonse la munthu amene mukukambirana naye ndi udindo wake pa kampanipo.

Kumbali yanu mufunika pepala limodzi lalikulu lolembapo zimene mukupeza, ndalama yoyendera ndi yolipira pofufuza ku ofesi yolembetsa makampani, munthu wachiwiri woyenda naye, ndi masiku atatu kapena asanu ogwira ntchito. Masikuwa ndiwo chida chachikulu pa zonsezi, ndipo ndiwo amene wachinyengo amayesetsa kukulandani pokuuzani kuti mtengo ukwera mawa.

## Gawo 1: Dziwani mtundu wa bizinesi imene mukuchita nayo malonda

Yambani ndi satifiketi yolembetsa, ndipo chinthu choyamba kuona ndi mtundu wake, chifukwa mitundu ilipo iwiri imene anthu amaisokoneza. Kampani imalembetsedwa potsatira lamulo la makampani la 2013, satifiketi yake imakhala ndi mutu wakuti Certificate of Incorporation, ndipo dzina lake nthawi zambiri limathera ndi mawu akuti Limited. Bizinesi ya munthu mmodzi kapena ya anthu ochepa ogwirizana imalembetsedwa potsatira lamulo lolembetsa mabizinesi la 2012, ndipo satifiketi yake imangotsimikiza kuti munthu wakuti akuchita malonda pogwiritsa ntchito dzina lakuti.

Kusiyanaku kuli ndi tanthauzo lalikulu pa ndalama yanu. Kampani imaonedwa ndi lamulo ngati munthu payokha, moti zinthu zikavuta mumalimbana ndi kampaniyo ndi chuma chimene ili nacho, osati nyumba kapena galimoto ya mwini wake. Pa bizinesi ya munthu mmodzi, mwini wake ndi bizinesiyo ndi chinthu chimodzi, ndipo ngongole ya bizinesi ndi ngongole yake. Musaganize kuti kampani ndiyo yodalirika kuposa inzakeyo chifukwa cha dzina lomveka bwino. Kampani imene ilibe katundu aliyense ikhoza kukusiyani chimanjamanja kuposa munthu wa shopu yaing'ono amene mukudziwa kumene amakhala.

Lembani pa pepala lanu dzina monga lilili pa satifiketi, chilembo ndi chilembo, kenako nambala yolembetsera ndi tsiku limene inalembetsedwa.

Chenjezo: ngati koteshoni ikunena kuti Limited koma satifiketi ndi ya bizinesi ya munthu mmodzi, imani pomwepo ndipo mufunse. Nthawi zina munthu amakhaladi ndi zonse ziwiri, koma inu muyenera kudziwa kuti mgwirizano wanu uli ndi iti, ndipo mapepala onse otsatira ayenera kukhala a imeneyo.

## Gawo 2: Fufuzani ku ofesi imene inapereka satifiketiyo

Ili ndi gawo limene ambiri amalidumpha, pomwe ndilo limasiyanitsa kuona pepala ndi kutsimikiza pepala. Makampani ndi mabizinesi ku Malawi amalembetsedwa ku ofesi imene anthu amaidziwa kuti kwa Registrar General, yomwe imapezeka ku Blantyre, ku Lilongwe ndi ku Mzuzu, ndipo ntchito yolembetsa masiku ano imachitika kudzera pa makina a pa intaneti otchedwa MBRS. Munthu aliyense ali ndi mwayi wopempha kuti afufuziridwe za kampani atalipira ndalama yoikika, ndipo simufunika chilolezo cha wogulitsa kuti muchite zimenezi.

Pitani ndi dzina pamodzi ndi nambala yolembetsera, osati dzina lokha. Funso loyamba ndi lakuti, kodi nambala imeneyi ndi ya dzina limeneli? Wopeka satifiketi kawirikawiri amatenga satifiketi yeniyeni ya kampani ina n'kusintha dzina pa kompyuta, nambala n'kuisiya momwemo, ndipo bodza lotere limaululika pa funso limodzili. Kenako funsani ngati kampaniyo ikadali m'kaundula kapena inafufutidwa, adiresi ya ofesi yake yolembetsedwa, ndi maina a madayilekita ake. Ngati ndi bizinesi ya munthu mmodzi, funsani dzina la mwini wake ndiponso ngati kulembetsa kwake kukadali ndi mphamvu, chifukwa kulembetsa kotere kumafunika kukonzedwanso nthawi yake ikatha.

Maina a madayilekita ndiwo adzakuthandizani kwambiri m'magawo otsatira. Tiyerekeze kuti msungichuma wa ku Salima uja wapeza kuti kampani ilipodi, inalembetsedwa zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo, ndipo ili ndi madayilekita awiri, koma munthu amene wakhala akuyankhula naye pa foni sali mmodzi wa iwo. Izi pazokha si umboni wa chinyengo, popeza makampani amalemba antchito ogulitsa malonda. Koma zikutanthauza kuti pakufunika umboni wina wolumikiza munthuyo ndi kampaniyo, ndipo umboniwo uyenera kuchokera ku kampani, osati kwa iye mwini.

Onaninso tsiku lolembetsa ndipo muliyerekeze ndi zimene wogulitsa wakhala akukuuzani. Munthu amene akunena kuti wakhala akumanga mapampu kwa zaka khumi pomwe kampani yake inalembetsedwa miyezi inayi yapitayo ayenera kufotokoza dzina limene ankagwiritsa ntchito kale ndi chifukwa chimene analisiyira. Ena amatsegula kampani yatsopano dzina lakale likaipa.

Chenjezo: musalole kuti wogulitsa akuchitireni kafukufukuyu n'kukutumizirani zotsatira, ndipo musaimbe nambala ya foni imene iye wakupatsani ponena kuti ndi ya mkulu wa ku ofesiyo. Pitani nokha, kapena tumani munthu wanu.

## Gawo 3: Yerekezani mapepala a msonkho ndi satifiketi

Bizinesi iliyonse yolembetsedwa imayenera kukhala ndi TPIN yochokera ku MRA. Ikani satifiketi ya TPIN pambali pa satifiketi yolembetsa ndipo muone ngati dzina ndi lomwelo. Kenako onani ngati nambala ya TPIN imene ili pa satifiketi ndi yomweyo imene ili pa koteshoni ndi pa kalata ya msonkho ija. Manambala atatuwa awerengeni mokweza muli awiri, wina akuwerenga wina akutsatira ndi chala, chifukwa diso la munthu amene akufuna kuti malonda atheke limaona zofanana ngakhale pamene zasiyana.

Kalata yotsimikiza za msonkho imakhala ndi nthawi yake yogwira ntchito. Onani tsiku limene inaperekedwa ndi tsiku limene idzathe mphamvu, ndipo yang'anitsitsani malo amene pali masikuwo, chifukwa ndi pamene opeka amakonda kusintha: zilembo zimakhala zonenepa kapena zowonda kuposa zinzake, kapena zimakwera pang'ono pamwamba pa mzere. Ngati mukukayika, pitani nayo ku ofesi ya MRA imene ili pafupi nanu mukafunse ngati anaiperekadi. Iwo sangakuululireni zinsinsi za msonkho wa munthu wina, ndipo simukuzifuna. Funso lanu ndi lakuti pepala limene mwapatsidwalo ndi lochokera kwa iwo kapena ayi.

Pali chinthu chinanso chimene chimabisala m'munsi mwa koteshoni. Si bizinesi iliyonse imene ili ndi mphamvu yotolera msonkho wa VAT. Ndi yokhayo imene inalembetsa za msonkhowu ku MRA ndipo ili ndi satifiketi yake. Ngati koteshoni yanu yawonjezera VAT, pemphani satifiketi imeneyo. Wogulitsa amene akulipiritsa VAT asanalembetse akungoika ndalamayo m'thumba mwake, ndipo munthu wochita zotere pa koteshoni wakusonyezani kale khalidwe lake musanamupatse kanthu.

## Gawo 4: Tsimikizani laisensi ya katundu weniweniyo

Satifiketi yolembetsa imangonena kuti bizinesi ilipo. Sinena kuti ndi yololedwa kugulitsa chinthu chilichonse chimene yafuna. Katundu wina ali ndi bungwe lake lomuyang'anira. Mafuta a galimoto, gasi ndi zipangizo za sola zili pansi pa MERA, mankhwala a anthu ali pansi pa PMRA, ndipo mankhwala ophera tizilombo m'munda amayang'aniridwa ndi Pesticides Control Board. Musanapemphe laisensi, dziwani kaye bungwe limene limayang'anira katundu wanu, kuopera kuti wogulitsa angakupatseni pepala lililonse lokhala ndi chidindo inu n'kulilandira.

Pa nkhani ya kalabu ija, msungichuma ayenera kuwerenga laisensi ya MERA mpaka m'munsi, osati kungoona mutu wake. Aone dzina la mwini laisensi, nambala yake, tsiku lothera mphamvu, ndipo koposa zonse, ntchito imene laisensiyo ikuloleza. Kuitanitsa ndi kugulitsa zipangizo ndi ntchito ina, kuzimanga ndi kuzilumikiza ndi ntchito inanso. Ngati koteshoni ikuphatikiza kumanga pampu pa chitsime, afunse kuti adzamanga ndani ndiponso ngati munthuyo ali ndi chilolezo cha ntchito imeneyo. Akatero aimbe kapena apite ku MERA, komwe likulu lake lili ku Lilongwe, pogwiritsa ntchito nambala imene wadzipezera yekha, ndipo afunse ngati laisensi ya nambala yakuti ndi ya kampani yakuti ndiponso ngati ikadali ndi mphamvu.

Apa m'pamene mumakumana ndi nkhani yobwerekana mapepala. Wogulitsa amakutumizirani laisensi ya dzina lina, ndipo mukafunsa amati ndi ya mnzake amene amagwira naye ntchito limodzi, kapena ndi ya kampani ya achimwene ake. Mwina akunena zoona, koma laisensi ya munthu wina siikutetezani. Ngati mwini laisensiyo ndiyedi adzabweretse katundu, ndiye kuti koteshoni ichokere kwa iye ndipo ndalama ipite kwa iye.

Ogulitsa ena amaonetsanso satifiketi ya PPDA, bungwe loyang'anira kagulidwe ka katundu m'boma. Satifiketi imeneyi imasonyeza kuti bizinesi inalembetsa kuti izitha kupikisana nawo pa ntchito za boma. Si umboni wakuti boma linagulako kanthu kapena kuti linakhutira. Chimene chingakuthandizeni kwambiri kuchokera ku PPDA ndi mndandanda wa mabizinesi amene analetsedwa kugulitsa katundu ku boma, ndipo ndi bwino kuona ngati dzina la wogulitsa wanu lili pamenepo.

## Gawo 5: Pitani pa malo ake osawauza tsiku

Laisensi ya khonsolo imaperekedwa pa malo akutiakuti, imakonzedwanso chaka ndi chaka, ndipo eni mashopu amaipachika pakhoma kuti ionekere. Ubwino wake ndi wakuti imalumikiza dzina ndi nyumba imene mungathe kuiona ndi maso. Tengani adiresi imene ili pa laisensiyo, muiyerekeze ndi imene munapeza ku ofesi yolembetsa ndi imene ili pa koteshoni. Kusiyana kwa adiresi kumachitika, popeza anthu amasamuka osakonza m'kaundula, koma wogulitsa woona amafotokoza mosavuta ndipo aneba ake akale amadziwa kumene anapita.

Pitani muli awiri, tsiku logwira ntchito, osapangana ola. Mukafika lowani m'kati mpaka pa kauntala, ndipo musalole kuti munthu wanu akuchingamireni panja. Njomba imene yapweteka anthu ambiri ndi iyi: wachinyengo amakumana nanu pakhomo pa shopu ya eni ake, amakulowetsani n'kukuonetsani katundu ngati kasitomala wina aliyense, amapereka moni kwa antchito mwachizolowezi, kenako amakutulutsani kuti mukakambirane za mtengo m'galimoto kapena pa malo odyera. Inu mumabwerera kwanu mukunena kuti shopu mwaiona ndi maso anu, pomwe eni shopu sanamvepo za inu.

Njira yothetsera zimenezi ndi yapafupi. Tulutsani koteshoni yanu pamaso pa woyang'anira shopu, mufunse ngati yachokera kwa iwo, ngati munthu amene akuyankhula nanu ndi wantchito wawo, ndiponso ngati akaunti imene yalembedwapo ndi yawo. Pemphani kuona mapepala enieni a zithunzi zimene munatumiziridwa. Ngati mwini wake kapena dayilekita alipo, pemphani mwaulemu kuona chitupa chake cha unzika kuti muyerekeze dzina ndi limene munapeza m'kaundula; wamalonda woona sakhumudwa ndi pempho lotere pamene mukufuna kumusungitsa mamiliyoni.

Yang'ananinso katundu. Ngati pampu ya mtundu umene mukufuna ilipo m'shopu, funso likhala lakuti dipoziti ndi ya chiyani, popeza mungathe kulipira n'kunyamula tsiku lomwelo. Ngati iyenera kuitanitsidwa kunja, pemphani kuona mapepala a katundu wina amene analowetsapo m'dziko muno, ndipo pemphani maina a makasitomala awiri amene anamangiridwa kale mapampu. Makasitomalawo musangowaimbira, chifukwa foni akhoza kuyankha mlamu wake wa wogulitsa. Sankhani mmodzi amene ali pafupi mukaone pampu ikutulutsa madzi.

## Gawo 6: Londolani dzina mpaka pa akaunti

Ngati mungakumbukire gawo limodzi lokha, likhale ili, chifukwa magawo onse asanu aja akhoza kuyenda bwino ndalama n'kutayikabe pano. Dzina la akaunti liyenera kukhala lomwelo limene lili pa satifiketi yolembetsa. Banki isanatsegule akaunti m'dzina la kampani imafuna mapepala olembetsera ndi zitupa za eni ake, choncho akaunti yotere imakhala ngati mboni ina imene yakufufuzirani kale mbali ya ntchitoyi.

Ngati mukuchita malonda ndi kampani, musatumize ndalama ku akaunti ya munthu, ngakhale munthuyo akhale dayilekita amene dzina lake munaliona m'kaundula. Zinthu zikadzavuta, kampani idzati sinalandire kanthu, ndipo m'mabuku ake mudzakhaladi mulibe kanthu. Ngati ndi bizinesi ya munthu mmodzi, akaunti ikhoza kukhala ndi dzina la mwini wake lotsatiridwa ndi zilembo T/A, zotanthauza kuti akuchita malonda m'dzina lakuti, kenako dzina la bizinesi, ndipo izi n'zovomerezeka bola maina onse awiri akhale amene munawapeza pa Gawo 2.

Pali msampha wina pa kalipiridwe. Mukatumiza ndalama pa foni kuchokera ku banki yanu kupita ku banki ina, nthawi zina dzina limene limaoneka pa lisiti ndi limene mwalemba nokha, osati dzina lenileni la mwini akaunti, moti lisitilo silitsimikiza kanthu. Pa ndalama yaikulu, njira yabwino ndi kupita ku nthambi ya banki ya wogulitsayo n'kupempha wantchito wa bankiyo wolandira ndalama kuti atsimikize kuti nambala ya akauntiyo ikugwirizana ndi dzina limene mwalemba, musanapereke ndalamayo. Pa Airtel Money ndi TNM Mpamba dzina la mwini nambala limaoneka, choncho liwerengeni ndipo musalinyalanyaze chifukwa cha kufotokoza kwa wogulitsa.

Tibwerere kwa msungichuma uja. Satifiketi yapezeka kuti ndi yeniyeni, TPIN ikugwirizana, MERA yavomera laisensi, koma madzulo a tsiku lolipira walandira uthenga wakuti akaunti ya kampani ili ndi vuto ku banki, choncho atumize K4,800,000 ija ku akaunti ya mkulu woona za malonda kuti katundu asachedwe. Pamenepa unyolo waduka, ndipo mapepala onse abwino aja sakumutetezanso, chifukwa ndalama ikupita kwa munthu amene satchulidwa pa pepala lililonse. Choyenera kuchita ndi kusatumiza, n'kuimbira shopu pa nambala imene anatenga yekha pa kauntala paja. Ngati akaunti yasinthadi, kampani ilembe kalata yosainidwa ndi dayilekita, ndipo akaunti yatsopanoyo ikhalenso m'dzina la kampani.

## Gawo 7: Lembani mgwirizano ndipo chepetsani dipoziti

Mapepala onse akagwirizana, mwatsimikiza kuti wogulitsa alipo, ndi wololedwa, ndipo mukudziwa kumene mungamupeze. Simunatsimikize kuti adzabweretsa katundu pa nthawi yake, chifukwa kampani yeniyeni ikhoza kumira m'ngongole, kusowa ndalama zakunja zoitanitsira katundu, kapena kutenga dipoziti yanu n'kumalizira ntchito ya kasitomala wina. Palibe satifiketi imene imaonetsa zimenezi, ndipo n'chifukwa chake kukula kwa dipoziti kuyenera kukambidwa.

Lembani mgwirizano wa tsamba limodzi wokhala ndi dzina lonse la kampani, nambala yake yolembetsera, TPIN, mtundu ndi kukula kwa chipangizo chilichonse, mtengo wonse, tsiku lobweretsa katundu, ndi mawu omveka bwino akuti dipoziti idzabwezedwa yonse ngati tsikulo ladutsa ndi masiku akutiakuti. Asaine dayilekita, kapena munthu amene ali ndi kalata ya kampani yomupatsa mphamvu yosaina. Kalabu ija ikhoza kupempha kulipira K2,400,000 poyamba, K4,000,000 katundu akafika ndipo awerengedwa, ndi K1,600,000 yotsalayo pampu ikamangidwa n'kutulutsa madzi. Wogulitsa akhoza kukana gawo lina la kagawidweka, ndipo kukambirana n'kwachibadwa pa malonda, koma amene akukaniratu kulemba tsiku lobweza ndalama akukuuzani kuti sakuyembekezera kulisunga. Mukalipira, tengani lisiti la kampani tsiku lomwelo, lolembedwa kuti ndalamayo ndi dipoziti ya koteshoni nambala yakuti.

## Zolakwika zimene zimabwerezedwa kawirikawiri

Cholakwika chachikulu ndi kudalira munthu amene wakulozerani wogulitsa m'malo mofufuza. Wogulitsa akabwera kudzera mwa wachibale, mkulu wa mpingo kapena wapampando wa kalabu, anthu amachita manyazi kupempha mapepala poopa kuoneka ngati akukayikira mnzawo. Ndinaonapo gulu limene linataya ndalama yosonkha nyengo yonse ya dzinja mwa njira imeneyi, ndipo wolozayo analibe mlandu. Nayenso anali atangomva kwa wina. Gulu lililonse likhale ndi lamulo lakuti ndalama yopitirira mlingo wakuti situluka popanda pepala la kafukufuku losainidwa ndi anthu awiri, kuti msungichuma azitha kunena kuti si iye akukayika koma ndi lamulo la gulu.

Chachiwiri ndi kunyalanyaza kusiyana kwakung'ono kwa maina. Chilembo chimodzi chosowa, kapena liwu limodzi lowonjezera kumapeto kwa dzina, chikhoza kutanthauza mabizinesi awiri osiyana kotheratu, ndipo achinyengo amalembetsa dala maina ofanana ndi a makampani odziwika kuti akatsegulire akaunti.

Anthu enanso amakopeka ndi zithunzi za katundu, tsamba lokongola la pa intaneti ndi galimoto yolembedwa dzina la kampani, n'kuziwerengera ngati umboni. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere: zonsezi munthu akhoza kuzikonza pa sabata imodzi ndi ndalama yochepa poyerekeza ndi dipoziti yanu.

Palinso ogula akale amene amafufuza kamodzi kokha, pa oda yoyamba, n'kumatumiza ndalama zaka zotsatira osaonanso kanthu. Malaisensi amatha, makampani amagulitsidwa, ndipo wantchito amene munazolowera kuyankhula naye akhoza kukhala kuti anachotsedwa ntchito miyezi iwiri yapitayo koma akadali ndi mapepala a kampani m'foni mwake. Pa oda iliyonse yaikulu onaninso masiku a malaisensi ndipo tsimikizaninso akaunti ndi ofesi ya kampani.

Chomaliza ndi kuchedwa kudandaula zinthu zikaoneka kuti zavuta. Wogulitsa akayamba kuzemba foni, ambiri amadikira mwezi wathunthu akulandira malonjezo, poopa kuti akafuula ataya mwayi wobwezeredwa. Ngati mwazindikira kuti ndalama yapita ku akaunti yachinyengo, dziwitsani banki yanu kapena kampani ya foni tsiku lomwelo, chifukwa mwayi woimitsa ndalamayo umakhalapo pokhapokha isanatapidwe, ndipo kanenani ku polisi mutatenga mauthenga onse, koteshoni ndi lisiti. Ngati wogulitsa ndi kampani yeniyeni imene yangophwanya mgwirizano, ilembereni kalata yoitanitsa ndalama yanu yotchula tsiku lomaliza, musunge kope losainidwa ndi amene walandira, ndipo tsikulo likadutsa tengerani dandaulo lanu ku bungwe la CFTC, lomwe limamva madandaulo a ogula, kapena ku khoti.